Tchati cha Milandu Younika Ziganizo za Boma: Chifukwa, Zochitika ndi Thandizo la Khoti

Nduna ikalanda chiphaso cha munthu, khonsolo ikagumula nyumba, kapena sukulu ya boma ikathamangitsa mwana, wodandaula ali ndi njira yopita ku Khoti Lalikulu kukapempha kuti liunike chiganizocho. Mlandu wotere ndi wosiyana ndi apilo. Pa apilo, khoti lapamwamba limafunsa ngati chigamulo cha khoti laling'ono chinali cholondola, ndipo likhoza kuikapo chigamulo chakechake. Pa mlandu wounika chiganizo, woweruza safunsa ngati nduna inaganiza mwanzeru. Amafunsa ngati inali ndi mphamvu yochitira zimene inachitazo, ngati inatsata njira yoyenera, komanso ngati zifukwa zake zikugwirizana ndi zimene inachita. Mphamvu imeneyi ku Malawi ikuchokera m'gawo 108 la malamulo oyendetsera dziko a 1994, lomwe limalola Khoti Lalikulu kuunika lamulo lililonse ndi chochita chilichonse cha boma.

Ophunzira zamalamulo akamakonzekera mayeso amakonda kusonkhanitsa nkhani yonseyi pa pepala limodzi. Amajambula tchati cha madanga atatu. M'danga loyamba amalembamo chifukwa chimene malamulo amavomereza kuti munthu adandaulire. M'danga lachiwiri amalembamo zochitika zimene kawirikawiri zimasonyeza kuti chifukwacho chilipo. M'danga lachitatu amalembamo thandizo limene khoti lingapereke. Mzere uliwonse wopingasa umanyamula chifukwa chimodzi. Tchati chotere chimathandizanso munthu wamba, chifukwa amene walakwiridwa safika kwa loya ndi dzina la chifukwa. Amafika ndi nkhani: kalata inabwera tsiku lakuti, sanandiitane, sanandiuze kanthu. Choncho tchati chabwino chimawerengedwa kuyambira danga lapakati, kenako n'kubwerera kumanzere kukapeza dzina la cholakwacho, n'kumalizira kumanja.

Kumene mizere inachokera

Kagawidwe kamene mabuku ambiri amatsata kanachokera ku Britain mu 1984. Boma la Margaret Thatcher linaletsa antchito a ku GCHQ, likulu la akazitape omvetsera mauthenga ku Cheltenham, kukhala m'mabungwe a apantchito, ndipo linatero osawafunsa. Mabungwewo analuza mlandu chifukwa khoti linavomereza kuti nkhaniyo inakhudza chitetezo cha dziko. Koma m'chigamulocho woweruza Diplock anasanja zifukwa zodandaulira m'magulu atatu: kuchita zosemphana ndi lamulo, kuchita zopanda nzeru, ndi kusatsata njira yoyenera. Anatchulanso kuti m'tsogolo pangadzawonjezeke chifukwa chachinayi, choona ngati chochita cha boma sichinapitirire muyezo wa vuto limene linkafuna kuthetsa.

Makhoti a ku Malawi ankatsata ndondomeko ya ku England pa milandu imeneyi kwa zaka zambiri, ndipo milandu yakale ya kumeneko imatchulidwabe. Komabe tchati chokopera m'buku la ku England chimaperewera. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu woti zochita za akuluakulu a boma zikhale zovomerezeka m'malamulo, zotsata njira yachilungamo, ndi zogwirizana ndi zifukwa zoperekedwa, ndipo limawonjezera kuti munthuyo apatsidwe zifukwazo molemba. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku Khoti Lalikulu a 2017, pa mutu 19, anatenga mfundo zomwezi n'kuwonjezerapo kuchita zinthu ndi mtima wachinyengo.

Danga lakumanja liyambe kumveka

Wophunzira amene sanamvetse danga lachitatu amasokoneza mizere yonse, choncho ndi bwino kuyamba nalo. Khoti lili ndi zida zisanu ndi chimodzi. Lamulo lofafaniza limapha chiganizo chimene chapangidwa kale, kuti chikhale ngati sichinakhalepo. Lamulo loletsa limaimitsa ofesi imene ikufuna kuchita chinthu chimene ilibe nacho mphamvu. Lamulo lokakamiza, lomwe maloya achikulire amalitchulabe kuti mandamasi, limauza ofesi kuti igwire ntchito imene lamulo linaipatsa. Chilengezo chimangonena mmene malamulo alili pakati pa mbali ziwirizo, popanda kulamula munthu kuchita kanthu. Chiletso, chomwe anthu amachimva kwambiri pa wailesi, nthawi zambiri chimakhala chogwirizira kuti zinthu zisasinthe mlandu usanathe. Chomaliza ndi chipepeso cha ndalama.

Chinsinsi cha danga limeneli n'chakuti thandizo silisankhidwa poyang'ana dzina la chifukwa. Limasankhidwa poyang'ana pamene chiganizocho chafika. Ngati chapangidwa kale, chifafanizidwe. Ngati chili m'njira, chiletsedwe. Ngati ofesi yangokhala chete osachita kanthu, ikakamizidwe. N'chifukwa chake lamulo lofafaniza limapezeka pafupifupi pa mzere uliwonse, ndipo tchati chimene chimangolemba mawu akuti "kufafaniza" kasanu n'kulekera pomwepo sichinaphunzitse kanthu. Chofunika kulemba ndi zimene zimatsatira kufafanizako, chifukwa pamenepo ndi pamene mizere imasiyana.

Mzere woyamba: kuchita zosemphana ndi lamulo

Uwu ndi mzere wautali kuposa yonse, ndipo ophunzira ambiri amaugawa timizere ting'onoting'ono. Funso lake ndi limodzi: kodi lamulo linapereka mphamvu imeneyi, kwa munthu ameneyu, pa cholinga chimenechi?

Zochitika zosavuta kuzizindikira ndi za munthu amene alibiretu mphamvuyo. Mu Juni 2020, kutatsala masiku ochepa kuti chisankho chobwereza cha pulezidenti chichitike, mlembi wamkulu wa boma analengeza kuti Jaji Wamkulu Andrew Nyirenda apite kutchuthi podikira kupuma pantchito. Mabungwe omenyera ufulu ndi a maloya anathamangira kukhoti, ndipo anayamba apeza chiletso chogwirizira, moti Jaji Wamkuluyo anapitiriza ntchito. Mu Ogasiti chaka chomwecho woweruza Charles Mkandawire anagamula kuti nthambi yolamula boma inalibe mphamvu pa nkhani ya tchuthi cha oweruza. Pa tchati, nkhaniyi imaonetsa dongosolo limene limabwerezedwa kawirikawiri: chiletso poyamba, chigamulo chenicheni pambuyo. Imaonetsanso kuti pamene mphamvu palibiretu, ofesi yolakwayo siingakonze cholakwacho pobwereza, chifukwa ngakhale italemba kalata yabwino chotani, mphamvuyo siili m'manja mwake.

Zochitika zina n'zobisika pang'ono. Mphamvu ilipo, koma yagwiritsidwa ntchito pa cholinga china. Chizindikiro chake m'nkhani ndi mawu amene wina analankhula pamsonkhano kapena kulemba m'kalata, osonyeza kuti chenicheni chinali kulanga munthu, kukondweretsa chipani kapena kupewa manyazi. Mlandu wa Padfield wa 1968 ndiwo umalembedwa pano. Alimi a mkaka a kum'mwera chakum'mawa kwa England anadandaula za mitengo imene bungwe logula mkaka linkawapatsa, ndipo anapempha nduna ya zaulimi kuti itumize dandaulolo ku komiti yofufuza monga lamulo linkalolera. Nduna inakana, ndipo makalata a unduna anasonyeza kuti inkaopa kuti komiti ikagwirizana ndi alimiwo, iyo idzakhala pampanipani wa ndale. Khoti linati lamulo likapatsa nduna ufulu wosankha, ufuluwo ndi wokwaniritsira cholinga cha lamulolo, osati wolilepheretsera. Linapereka lamulo lokakamiza nduna kuti iganizirenso dandaulolo motsata malamulo.

Zimene zinatsatira ziyenera kulembedwa ndi inki yofiira m'danga lachitatu. Nduna inatumizadi nkhaniyo ku komiti, komiti inagwirizana ndi alimi, koma nduna inakana kuchita zimene komiti inalangiza. Alimi anawina mlandu koma mtengo umene ankafuna sanaupeze. Lamulo lokakamiza limakakamiza ofesi kuganiza, silikakamiza yankho.

Timizere tina ta pano tingatchulidwe mwachidule. Ngati lamulo likuti komiti ndiyo isankhe koma kalata yasainidwa ndi munthu mmodzi amene komiti inangomusiyira ntchitoyo popanda chilolezo cha lamulo, mphamvu yapatsiridwa molakwika. Ngati ofesi yayankha kuti "ndondomeko yathu siilola" osamva n'komwe zimene zikusiyanitsa pempholi ndi ena, ofesiyo yadzimanga manja. Kukhala ndi ndondomeko si kulakwa, kulakwa ndi kutseka makutu. Ngati yaganizira zinthu zimene lamulo silinafune, monga mtundu kapena chipani cha wopempha, kapena yasiya zimene lamulo linati ziganiziridwe, ndiye kuti yalakwitsa poyeza. Pa zonsezi thandizo ndi kufafaniza, ndipo nkhani imabwerera kwa woyenera kuti aiganizirenso.

Mzere wachiwiri: kusatsata njira yoyenera

Milandu yambiri imawinidwa pa mzere uno, chifukwa umboni wake suvuta: munthu anaitanidwa kapena sanaitanidwe. Mzerewu uli ndi nthambi zitatu. Yoyamba ndi kulumpha ndondomeko imene lamulo linalemba, monga kupereka chenjezo la masiku akutiakuti kapena kufunsa anthu okhudzidwa. Yachiwiri ndi kusamva mbali ya munthu. Yachitatu ndi kukondera.

Pa kusamva mbali, mlandu wodziwika ndi wa mkulu wa apolisi wa mzinda wa Brighton, Charles Ridge. Iye anazengedwa mlandu wa katangale n'kupezeka wosalakwa, koma woweruza anamudzudzula pa kayendetsedwe kake ka ntchito. Komiti yoyang'anira apolisi inamuchotsa ntchito osamuuza mlandu wake komanso osamupatsa mpata wodziteteza. Mu 1963 khoti lalikulu koposa la ku Britain linalengeza kuti kuchotsedwako kunali kopanda mphamvu. Ridge sankafuna kubwerera ku ofesi, nkhawa yake inali penshoni, choncho chilengezo chinamukwanira. Apa tchati chikuphunzitsa kuti thandizo liyenera kufanana ndi chimene wodandaula akufunadi.

Kumva mbali ya munthu sikutanthauza kuti nthawi zonse pakhale bwalo, mboni ndi maloya. Kukula kwa mwayi wodziteteza kumayenda ndi kukula kwa chimene munthu angataye. Wopempha chiphaso koyamba amayembekezera zochepa poyerekeza ndi amene akulandidwa chiphaso chimene wakhala akudyetsera ana kwa zaka khumi. Koma zinthu ziwiri sizisowa: munthu auzidwe chimene akumunenera momveka bwino kuti athe kuyankha, ndipo apatsidwe nthawi yokwanira yoyankhira chiganizo chisanapangidwe. Kumuitana pambuyo pake kuti adzangouzidwa zimene zatha kale si kumumva.

Pa kukondera, khoti silifuna umboni woti munthu anakonderadi mumtima mwake, chifukwa za mumtima palibe angazione. Mu 1852 zigamulo za woweruza wamkulu wa ku England, Cottenham, zinafafanizidwa chifukwa anali ndi masheya m'kampani ya ngalande za madzi imene anaiweruzira mlandu, ngakhale panalibe amene ananena kuti masheyawo anamupotoza. Pamene pali phindu la ndalama, munthu ayenera kutuluka m'chipindamo basi. Pamene pali ubale, chidani kapena mawu olankhulidwa kale, muyezo ndi wa munthu wapambali, wosakondera, wodziwa zonse zimene zinachitika: kodi iye angaone kuti pali kuthekera kwenikweni kwa kukondera?

M'danga lachitatu la mzere uno mumalembedwa kufafaniza ngati chiganizo chatuluka, ndi kuletsa ngati wodandaula wazindikira msanga kuti mdani wake akhala nawo m'komiti ya mawa. Pansi pake payenera kukhala chenjezo: ofesi ikhoza kuitana munthuyo bwinobwino, kumumva, n'kufika pa chiganizo chomwe chija, ndipo ulendo uno chidzaima. Kumeneku si kupanda pake kwa mzerewu. Komiti imene yamva mbali zonse nthawi zina imasinthadi maganizo, ndipo munthu amene wamvedwa amakhala atachitiridwa ulemu umene gawo 43 limalonjeza.

Mzere wa zifukwa zolembedwa

Uwu ndi mzere umene wophunzira wa ku Malawi ayenera kuwonjezera yekha. M'malamulo a makhoti a ku England mulibe udindo wa onse wopereka zifukwa. Umapezeka pa nkhani zina zokha. Ku Malawi ndi ufulu wolembedwa m'malamulo aakulu. Zochitika zake ndi kalata ya mizere iwiri yongoti pempho lakanidwa, kapena yopereka chifukwa chimene sichinena kanthu, monga "pofuna ubwino wa anthu onse". Palinso kalata imene zifukwa zake zilipo koma sizikufika pa chiganizocho, ngati kutseka sitolo yonse chifukwa chikwangwani chake n'chachikulu. Thandizo lingakhale kukakamiza ofesi kupereka zifukwa kapena kufafaniza chiganizo. Loya wochenjera amayamba walemba kalata yopempha zifukwa asanapite kukhoti, chifukwa yankho lake, kapena kusowa kwa yankho, ndiko kumaulula mizere ina yonse.

Mzere wa kupanda nzeru

Mzere uno ndi wotchuka m'kalasi koma suwinitsa milandu kawirikawiri. Dzina lake linachokera ku tauni ya Wednesbury, kumene khonsolo inalola nyumba ya kanema kutsegula Lamulungu koma n'kuletsa ana osakwana zaka 15 kulowa, ngakhale atabwera ndi makolo. Eni kanema anadandaula ndipo mu 1947 analuza. Khoti linati silingalowerere pokhapokha chiganizo chitakhala chopanda nzeru mwakuti palibe ofesi yoganiza bwino imene ingachipange, ndipo chitsanzo chimene linapereka chinali cha mphunzitsi wochotsedwa ntchito chifukwa tsitsi lake ndi lofiira. Danga lapakati la mzerewu liyenera kukhala lalifupi: chilango chachikulu kwambiri pa cholakwa chaching'ono, chiganizo chopanda umboni uliwonse, kapena chimene chikudzitsutsa chokha. Wophunzira amene amathamangira mzere uno chifukwa choti chiganizo chamunyansa amakhala akupempha khoti kuchita apilo, ndipo amataya malikisi.

Mzere wa chiyembekezo choyenera

Apa danga lapakati limafuna chimodzi mwa ziwiri: lonjezo lomveka bwino lochokera kwa amene ali ndi mphamvu yolonjeza, kapena chizolowezi chimene ofesi yakhala ikutsata kwa nthawi yaitali. Mabungwe a ku GCHQ anali ndi chizolowezi chotere, chofunsidwa zinthu zisanasinthe. Nthawi zambiri chiyembekezo chimangopatsa munthu ufulu womvedwa lonjezo lisanathyoledwe. Kupatsidwa chinthu cholonjezedwacho n'kosowa. Kunachitika mu 1999 ku England, pamene mayi wina wolumala kwambiri analonjezedwa, pamodzi ndi odwala ena ochepa, kuti nyumba yosamalira odwala ya Mardon House idzakhala kwawo moyo wawo wonse, ndipo khoti linafafaniza chiganizo choitseka. Lonjezolo linali la anthu owerengeka ndipo linakhudza moyo wawo wonse. Mawu a pamsonkhano wa ndale opita kwa khamu la anthu sali m'gulu limeneli. Ndiponso lonjezo la kalaliki loti achita chinthu chimene lamulo limaletsa silimanga boma.

Mzere wa ufulu wachibadwidwe

Chiganizo chikakhudza ufulu wolembedwa m'malamulo aakulu, khoti limayang'ana mozama kuposa pa mzere wa Wednesbury, ndipo mtolo umasamukira kwa boma. Gawo 44 limalola kuchepetsa ufulu pokhapokha kuchepetsako kuli m'lamulo, n'koyenera, n'kovomerezeka pa miyezo ya mayiko onse ya ufulu wa anthu, ndipo n'kofunika m'dziko la demokalase. Mu Epulo 2020 boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 pofuna kuchepetsa kufala kwa kolona. Pa 17 Epulo, tsiku limodzi usanayambe, woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso chogwirizira, ndipo mu Seputembala oweruza atatu anagamula kuti m'bindikirowo unali wosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Mwa zina, panalibe dongosolo lothandizira anthu amene amadya pokhapokha atatuluka m'nyumba tsiku limenelo. Mu Meyi 2023 woweruza Zione Ntaba ku Zomba anagamula kuti kukaniza ana a chipembedzo cha Chirasta m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo kunali kuphwanya ufulu wawo, ndipo analamula unduna wa zamaphunziro kutulutsa kalata youza sukulu zonse kuti ziziwalandira.

Danga lachitatu la mzere uno ndi lotambasuka kuposa ena. Gawo 46 limalola khoti kupereka malamulo alionse oyenera poteteza ufuluwo, kuphatikizapo chipepeso. Pa mizere ina chipepeso sichibwera chifukwa chongoti chiganizo chinali cholakwika. Wodandaula ayenera kusonyeza cholakwa china chimene malamulo amalipiritsa, monga kumangidwa popanda chifukwa kapena kuonongeredwa katundu.

Nkhani yoyesera tchati

Nayi nkhani yongopeka, ya mtundu umene umabwera pa mayeso. Mayi wina ali ndi chigayo pa tauni ina ndipo wakhala ndi chiphaso cha khonsolo kwa zaka zisanu ndi zitatu. Lamulo la m'nkhaniyi likuti komiti ya zaumoyo ikhoza kulanda chiphaso ngati malo ndi auve, itapereka chenjezo la masiku 14. Pa 3 Febuluwale mayiyu walandira kalata yosainidwa ndi woyang'anira msika yonena kuti chiphaso chalandidwa "potsata madandaulo a anthu" ndipo chigayo chitsekedwe pa 10 Febuluwale. Chenjezo sanalandire. Wamva kuti komiti inakumana, ndipo wapampando wake ali ndi chigayo chake tsidya la msewu. Chaka chatha mkulu wina wa khonsolo anamuuza pakamwa kuti asadandaule, chiphaso chake palibe adzachikhudze.

Woyankha bwino amatenga chochitika chilichonse n'kuchiika pa mzere wake. Kusowa kwa chenjezo la masiku 14 ndi kulumpha ndondomeko yolembedwa, ndipo iyi ndi mfundo yamphamvu kuposa zonse chifukwa khonsolo siingaitsutse popanda kuonetsa kalata ya chenjezolo. Kusaitanidwa ndi kusamva mbali yake. Chigayo cha wapampando ndi kukondera kokhudza ndalama, pakuti mayiyu akatseka, ogayitsa awoloka msewu. Mawu oti "madandaulo a anthu" sakunena kuti anadandaula chiyani, choncho zifukwa n'zosakwanira. Ndipo ngati madandaulowo anali a phokoso osati a uve, komiti inagwiritsa ntchito mphamvu ya zaumoyo pa nkhani imene lamulo silinaipatse.

Palinso misampha iwiri. Siginecha ya woyang'anira msika imakopa wophunzira kulemba kuti mphamvu inapatsiridwa molakwika, koma nkhaniyo yanena kuti komiti inakumana. Ngati komiti ndiyo inasankha ndipo woyang'anira msika anangolemba kalata, palibe cholakwa pamenepo. Lonjezo la pakamwa nalo n'lofooka. Amene analonjeza si komiti, ndipo palibe angalonjeze kuti chiphaso sichidzalandidwa ngakhale malo atakhala auve. Za kupanda nzeru zingatchulidwe m'chiganizo chimodzi n'kusiyidwa.

Asanafike pa thandizo, mayiyu ayenera kudutsa pa zipata zimene ophunzira amalemba pamwamba pa tchati. Khonsolo ikugwira ntchito ya boma, choncho chiganizo chake chikhoza kuunikidwa; akanakhala kuti akukangana ndi mwini malo pa za lendi, njira ikanakhala ina. Iye ndi wokhudzidwa mokwanira chifukwa chiphaso ndi chake. Ayenera kuyamba wapempha chilolezo cha khoti choyambitsira mlandu, ndipo pempho liperekedwe mwachangu, miyezi itatu isanathe, kutanthauza kumayambiriro kwa Meyi. Khoti likhoza kuwonjezera nthawi, koma pamafunika chifukwa chomveka. Ngati lamulo lomwelo linakhazikitsa njira ya apilo, khoti lidzafunsa chifukwa chake sanaitsate, ndipo yankho lake lingakhale lakuti apiloyo siingamvedwe tsiku lotseka lisanafike.

Tsiku lofunika kwenikweni kwa iye si la mu Meyi koma 10 Febuluwale. Pempho la chilolezo lipite limodzi ndi pempho la chiletso chogwirizira kuti chigayo chizigayabe. Pa mlandu weniweni apemphe kufafaniza chiganizo cha komiti, ndi lamulo loti nkhaniyo ikabwereranso wapampandoyo asakhalepo. Sangapemphe khoti kulamula kuti chiphaso chisadzalandidwenso. Thandizo lonseli khoti limapereka mwa kuona kwake, ndipo likhoza kumumana ngati anachedwa popanda chifukwa kapena anabisa zina popempha chiletso, monga lipoti la woyendera zaumoyo limene analandira mwezi wathawo. Akawina, chiphaso chimabwerera m'manja mwake ngati kuti sichinalandidwe, ndipo khonsolo ikafuna kuyambiranso iyenera kumulembera chenjezo la masiku 14, kumuuza uve umene yauona, ndi kumumva pamaso pa komiti yopanda mwini chigayo cha tsidya la msewu.